Kung'ung'uza kwa masipika: mmene mungapezere vuto pakati pa mikisa ndi ampulifaya

Phokoso lake mumalidziwa. Zonse zayatsidwa, palibe amene akulankhula pa maikolofoni, koma masipika akuti mmmm, mawu okhuthala, osakwera osatsika. Kwaya ikamaimba silimveka kwenikweni. Limaonekera poyera abusa akanena kuti tiyeni tiweramitse mitu, kapena pa ukwati mwinimbumba akaima kaye kuti apume. Nthawi zambiri mlandu umagwera masipika, ena amati ampulifaya yakalamba. Koma m'matchalitchi ndi m'maholo ambiri kuno ku Thyolo, gwero lake si chida chowonongeka ayi. Ndi mmene zida ziwiri zabwinobwino zalumikizidwira ku magetsi.

Magetsi a ESCOM amafika m'nyumba ali mavoliti 230, ndipo amasinthasintha mbali maulendo 50 pa sekondi iliyonse. Kugwedezeka kumeneku kukalowa m'njira ya mawu, sipika imakusandutsa phokoso. Ngati muli ndi woimba kiyibodi yaikulu ya makiyi 76 kapena 88, mupempheni agunde G wa pansi kwambiri, uja wa kumanzere kwenikweni. Mudzamva kuti mawu ake akuyandikana kwambiri ndi kung'ung'uzako, chifukwa G ameneyu amagwedezeka pafupifupi maulendo 49 pa sekondi. Phokoso la mtundu wina, monga la sssss ngati wailesi yosowa siteshoni, kapena kulira kwa tswiii kumene kumabwera maikolofoni ikayang'ana sipika, ndi nkhani ina ndipo zimene ndilembe apa sizingakuthandizeni.

Mmene njira yozungulira imapangikira

Pulagi yathu ili ndi mano atatu. Dzino lalitali la pamwamba ndi la waya wa nthaka, wobiriwira wa mizere yachikasu uja, ndipo limalumikizidwa ku chitsulo cha kunja kwa chida. Mikisa ili ndi waya wake wa nthaka, ampulifaya ilinso ndi wake, ndipo onse awiri amakakumana ku bokosi la magetsi la nyumbayo. Imeneyo ndi njira yoyamba yolumikiza zida ziwirizi.

Njira yachiwiri mumaimanga nokha pamene mwalumikiza nthambo ya mawu kuchoka ku mikisa kupita ku ampulifaya. Mukasenda nthambo imeneyi mupeza ukonde wa tiwaya ta kopa tokuta mawaya a m'kati. Ukondewu ntchito yake ndi kutchinga phokoso lochokera kunja, ndipo umagwira chitsulo cha mikisa mbali ino ndi chitsulo cha ampulifaya mbali inayo. Tsopano onani: kuchoka ku mikisa, kutsata ukonde mpaka ku ampulifaya, kutsika ndi waya wa nthaka kulowa m'khoma, kuyenda mpaka ku bokosi, kubwerera ndi waya wina kudzafika ku mikisa. Njira yatsekeka, yakhala mkombero. Amisiri amati gilaundi lupu.

Pakanakhala kuti mawaya onse a nthaka ali pa mlingo umodzi, sipakanakhala vuto. Koma sakhala choncho. Filiji ya ku khichini, makompyuta, magetsi a machubu, zonsezi zimadonthezera timagetsi tochepa mu waya wa nthaka. Komanso waya wa nthaka akayenda mtunda wautali m'paipi imodzi ndi mawaya onyamula magetsi ambiri, amatolako pang'ono. Mapeto ake soketi ya kutsogolo ndi soketi ya kumbuyo zimasiyana pang'ono chabe, mwina osafika ngakhale voliti imodzi. Madzi sasowa phiri ngati la Mulanje kuti ayende, kutsetsereka kwa chala chimodzi kumakwana. Magetsinso akapeza kusiyana kochepako amayamba kuyenda mu ukonde wa nthambo yanu ya mawu.

Tiyerekeze ndi manambala kuti muone kuchepa kwake. Ukonde wa nthambo yaitali ukhoza kukhala ndi theka la omu kuchoka nsonga ino kufika inayo. Mukadutsa mamiliampu 20, pamabadwa mamilivoliti 10. Pa magetsi a m'nyumba chimenechi si kanthu. Koma ampulifaya ntchito yake ndi kukuza chilichonse chimene yalandira, nthawi zambiri maulendo 30 kapena 40, ndipo siidziwa kusiyanitsa mawu a mlaliki ndi mamilivoliti osokerawa. Ku sipika kumafika mamilivoliti 300 kapena 400, ndipo limenelo ndi phokoso lomveka mpaka pa benchi ya kumbuyo.

Tsimikizani kaye musanagule kanthu

Nditenge chitsanzo cha tchalitchi china cha kufupi ndi Luchenza, chifukwa kamangidwe kake n'kofanana ndi malo ambiri. Nyumba inakuzidwa, ndiye mbali ya kuguwa ili ndi mawaya akale, mbali ya kukhomo ili ndi atsopano ochokera pa bulekala ina. Ampulifaya imakhala kuguwa pafupi ndi masipika. Mikisa anaisamutsira kumbuyo kuti woyendetsa azimva zimene anthu akumva, ndipo pakati pake pali nthambo ya mamita 25. Kung'ung'uza kunayamba mikisa itangosamuka. Panalinso chinthu china chimene anyamata a zoimbira anachiona koma osachimvetsa: magetsi akazima n'kuyatsa jenereta, phokoso limatha. Iwo ankati jenereta ili ndi magetsi oyera. Zoona zake n'zakuti pa jenereta zida zonse ankazilumikiza pa ekisitenshoni imodzi, ndiye kusiyana kwa masoketi kunalibe. Mukaona zotere kwanu, mwapeza kale theka la yankho.

Poyeza, lamulo ndi limodzi: sinthani chinthu chimodzi, mvetserani, kenako china. Ndipo nthawi zonse mukamazula kapena kulowetsa nthambo ya mawu, tsitsani voliyumu ya ampulifaya kaye, chifukwa kuphulika kwa thu! kumene kumabwera pamenepo kumatha kuotcha timasipika ta mawu opyapyala.

Yambani ndi kutsitsa fedala yaikulu ya mikisa, ija yokweza mawu onse pamodzi, mpaka pansi. Phokoso likatha, ndiye kuti likuchokera ku chinthu china cholowa mu mikisa, kaya gitala, kaya laputopu, ndipo muzichisaka potsitsa tchanelo chimodzichimodzi. Likapitirira osasintha, ndiye kuti likulowa mawu atatuluka kale mu mikisa. Ku Luchenza linapitirira.

Kenako pitani ku ampulifaya, tsitsani voliyumu, zulani nthambo yochokera ku mikisa, kwezaninso voliyumu pamene inali. Apa ampulifaya yatsala yokha ndi masipika ake. Ikamang'ung'uzabe, vuto lili m'kati mwake, kawirikawiri makapasita aakulu a gawo la magetsi amene auma. Phokoso la makapasita limakhala lokwererapo, la maulendo 100 pa sekondi, ndipo nthawi zambiri silimvera voliyumu. Imeneyo ndi ntchito ya mmisiri wokonza, musatsegule nokha, makapasita amenewa amasunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa. Koma ampulifaya ikakhala chete, yapulumuka mlandu.

Muyeso wachitatu ndi umene ndimaukhulupirira kwambiri, ndipo ambiri saudziwa. Bwezerani nthambo, zulani zonse zolowa mu mikisa, kenako zimitsani mikisa pa switchi yake koma pulagi ikhale m'soketi. Kwezani ampulifaya pang'onopang'ono. Mukamva kung'ung'uza kuchokera ku mikisa yozimitsa, musadabwe. Switchi imadula magetsi koma siidula waya wa nthaka, ndiye mkombero uja ukadalipo. Tsopano zulani pulagi ya mikisa m'khoma. Phokoso likatha nthawi yomweyo, n'kubweranso mukaibwezera ngakhale switchi ya pakhoma ili yozimitsa, palibenso chokayikira. Chimene chikusintha ndi dzino lachitatu lokha.

Dzino limenelo musalithyole

Apa ndi pamene anthu amalakwira, chifukwa muyeso womwewu umaoneka ngati ukukuuzani chochita. Wina amati, "Achimwene, bwanji tingochotsa waya wobiriwirayo m'pulagi?" Ndipo akachotsa phokoso limathadi. Ena amagwiritsa ntchito adaputa ya mano awiri, zimene ndi chimodzimodzi.

Waya ameneyu alipo chifukwa cha tsiku limene waya wa moto adzakhudze chitsulo m'kati mwa chida. Waya wa nthaka akakhalapo, magetsi amathamangira mmenemo, fyuzi imapsa kapena bulekala imagwa, nkhani yatha. Akapanda kukhalapo, chitsulo chonse cha mikisa chimakhala ndi mavoliti 230, ndipo kudzera mu ukonde wa nthambo magetsiwo amafika pa maikolofoni ili m'manja mwa woimba ndi pa nsambo za gitala. Kuno kwathu kumene simenti imakhala yonyowa nthawi ya dzinja komanso masiku a chiperoni, ndipo misonkhano ina timachitira panja pa udzu, munthu ndiye amasanduka njira yopita ku nthaka. Mkombero udulidwe ku mbali ya mawu, osati ku mbali ya magetsi.

Soketi imodzi

Chinthu choyamba kuyesa n'chotchipa. Mikisa ndi ampulifaya zidye pa soketi imodzi. Kokani ekisitenshoni kuchoka pa soketi ya ampulifaya kupita kumene kuli mikisa, osati kutembenuza, chifukwa ampulifaya ndi imene imadya magetsi ambiri ndipo iyenera kukhala pafupi ndi khoma. Mikisa wamba imadya pang'ono kwambiri. Pulagi ya fyuzi ya maampu 13 imanyamula pafupifupi mawati 3,000, ndiye ampulifaya imodzi kapena ziwiri ndi mikisa zimakwana bwino. Pa soketi imeneyo pasakhale ketulo kapena filiji.

Samalani ndi ekisitenshoni yake. Zambiri zotchipa za pamsika zili ndi mabowo atatu kunja koma mawaya awiri okha m'kati. Yotereyi imathetsadi phokoso, koma imatero mwa njira yoopsa ija ya kuthyola dzino, kungoti simukuona. Muyeze ndi mita ya m'manja yoyezera magetsi, ekisitenshoniyo itazulidwa ku magetsi: ikani mita pa maomu, nsonga imodzi pa dzino lalitali la pulagi, inayo pa bowo la pamwamba la soketi yake. Iyenera kuwerenga pansi pa omu imodzi. Ikapanda kuwerenga kanthu, ekisitenshoni imeneyo ndi ya tchaja ya foni basi. Yabwino ndi kugula nthambo ya mawaya atatu ya mamilimita 1.5 n'kupanga yanu. Poyala, musaimange pamodzi ndi nthambo ya mawu, zitalikirane ndi phazi limodzi kapena kuposa, ndipo pamene zikuyenera kudutsana zidutsane mopingasa.

Ku Luchenza zimenezi zinatsitsa phokoso kwambiri koma silinatheretu. Chotsalacho chinali mu nthambo ya mawu.

Nthambo ya mawaya awiri m'kati

Nthambo za mawu zilipo mitundu iwiri, ndipo kusiyana kwake ndi kumene kumagamula nkhaniyi. Mtundu woyamba uli ndi waya mmodzi m'kati ndi ukonde kunja. Ndi uja wa jaki ya gitala ya mzere wakuda umodzi, kapena timapulagi tofiira ndi toyera ta RCA. Mu nthambo yotere ukonde umagwira ntchito ziwiri, kutchinga phokoso komanso kukhala njira yobwerera ya mawu. Ndiye magetsi alionse osokera amene adutsa mu ukonde asakanikirana ndi mawu, ndipo palibe chowalekanitsanso.

Mtundu wachiwiri, wa balansi, uli ndi mawaya awiri m'kati kuphatikiza ukonde. Pulagi yake ndi XLR ya mapini atatu, kapena jaki ya mizere yakuda iwiri. Pa XLR, pini 1 ndi ukonde, pini 2 ndi pini 3 ndi za mawu. Ampulifaya imamvera kusiyana kwa pakati pa pini 2 ndi pini 3 kokha. Phokoso likalowa, limalowa mofanana m'mawaya onse awiri, ndiye pochotsera limadzifafaniza lokha. Ukonde sunyamula mawu konse.

Nthambo ya ku Luchenza inali ndi XLR ku mikisa ndi jaki ya mzere umodzi ku ampulifaya. Kuyang'ana kumbali ya mikisa imaoneka ngati ya balansi, koma jaki ya mzere umodzi ili ndi malo awiri okha, ndiye amene anaiwotcherera anaphatikiza waya wa pini 3 ndi ukonde. Ubwino wonse unathera pomwepo. Ampulifaya inali ndi polowera pa XLR pamene palibe anagwiritsapo ntchito. Kudula jaki n'kuwotcherera XLR yaimuna, 1 ku 1, 2 ku 2, 3 ku 3, kunathetsa phokoso lotsalalo.

Ngakhale nthambo ikhale ya XLR mbali zonse, iyezeni. Pini iliyonse ilumikizane ndi inzake ya nambala yomweyo, maomu ochepa chabe, ndipo pasakhale kulumikizana pakati pa mapini osiyana. Waya wa pini 3 akaduka, mawu amamvekabe koma otsika, ndipo kung'ung'uza kumalowa. Chinyezi chathuchi chimadyanso mapini mpaka kubiriwira, makamaka nthambo zimene zimagona pansi chaka chonse.

Kudula ukonde mbali imodzi

Nthawi zina soketi imodzi siitheka, ndipo ngakhale nthambo ili ya balansi kaphokoso kamatsalabe. Zimachitika ndi zida zimene pini 1 anailumikiza ku mawaya a m'kati m'malo mopita nayo ku chitsulo cha kunja, ndiye magetsi a mu ukonde amadutsa m'kati mwa chida. Apa mukhoza kudula mkombero pa ukonde. Yang'anani kaye kumbuyo kwa ampulifaya ngati pali kaswitchi kolembedwa GROUND LIFT kapena GND LIFT. Kameneka kamalekanitsa mbali ya mawu yokha, waya wa nthaka wa magetsi sikamukhudza, ndiye n'kosaopsa kukayesa.

Pakapanda kaswitchi, chotsani ukonde pa pini 1 ku mbali ya ampulifaya yokha, ku mikisa ukhale wolumikizidwa kuti uzitchingabe. Onetsetsani kuti tiwaya ta ukonde sitikukhudza chitsulo cha pulagi, apo ayi mkombero ubwerera kudzera pamenepo. Ine sindikonda kuchita zimenezi pa nthambo yaitali. Ndi bwino kupanga kanthambo kakafupi ka XLR kodulidwa pini 1, kukakulunga tepi yofiira, n'kukalumikiza kumapeto. Chifukwa chake n'chakuti nthambo zimasakanikirana m'katoni, ndipo yodulidwayo ikapita ku maikolofoni imabweretsa phokoso loposa loyamba, komanso maikolofoni zofuna mavoliti 48 kuchokera ku mikisa sizigwira ntchito popanda pini 1.

Njira imeneyi ndi ya nthambo ya balansi yokha. Mukadula ukonde pa nthambo ya waya mmodzi, mwadula njira yobwerera ya mawu, ndipo chimene mumve ndi mkokomo woti anthu atuluke panja.

Ampulifaya ikakhala ya RCA kapena jaki wamba

Maampulifaya ambiri otchipa alibe polowera pa balansi. Ngati yanu ili choncho, njira yosavuta ndi kuiyika pafupi ndi mikisa, pa soketi imodzi, nthambo ya mawu isapitirire mamita atatu, ndiye mtunda wautaliwo uyendedwe ndi mawaya a masipika. Amenewo amanyamula mavoliti ambiri ndipo mamilivoliti osokera sawasokoneza, bola akhale okhuthala.

Zikakanika, pamafunika kabokosi ka thiransifoma yolekanitsa, ya 1:1, pakati pa mikisa ndi ampulifaya. M'kati mwake muli makoyilo awiri osakhudzana. Mawu amawoloka kudzera mu mphamvu ya maginito, koma palibe waya wolumikiza mbali ziwirizo, ndiye mkombero waduka kotheratu. Kaikeni pafupi ndi ampulifaya, kuti mtunda wautali ukhale wa XLR ndipo kanthambo ka RCA kakhale kakafupi. Musakagoneke pamwamba pa ampulifaya, chifukwa kamatola maginito a thiransifoma yaikulu ya m'katimo n'kuyamba kung'ung'uza kokha. Pogula, kaya ku Limbe kaya kwina, pemphani kuti muyese ndi nyimbo ya besi yambiri. Timathiransifoma tating'ono kwambiri, monga topangira mawailesi a m'galimoto, timadya besi ndipo timasokoneza mawu mikisa ikakwezedwa.

Pali kabokosi kena kofanana nako, kolembedwa DI, kamene kamakhalanso ndi GROUND LIFT. Kameneka si ka pakati pa mikisa ndi ampulifaya, chifukwa kamatsitsa mawu kwambiri mpaka mlingo wa maikolofoni, ndipo ampulifaya imamveka yofooka. Malo ake ndi pakati pa kiyibodi kapena laputopu ndi mikisa. Ndipo mudzakafunadi, chifukwa mkombero umakonda kubwerera kudzera pa khomo limenelo. Mikisa ina ili ndi adaputa ya mano awiri, ilibe waya wa nthaka wakewake, koma ikalumikizidwa ku laputopu imene yalumikizidwa ku pulojekita ya pa soketi ina, njira yatsekekanso. Muyeso wake ndi wachangu: zulani tchaja ndi nthambo ya pulojekita, laputopu iyende pa batire. Phokoso likatha, mwaupeza.

Pamene muyenera kuitana wamagetsi

Ngati muli ndi mita, zulani nthambo ya mawu, zida zonse zikhale zoyaka, ikani mita pa mavoliti a AC, n'kugunda sikuluwu yosapentedwa ya mikisa ndi nsonga imodzi, ya ampulifaya ndi inayo, kapena pini 1 ya nthambo ngati zida zatalikirana. Mkombero wamba umaonetsa mamilivoliti, mwina mpaka voliti imodzi. Mita ikaonetsa mavoliti makumimakumi, kapena pafupifupi theka la 230, ndiye kuti chida chimodzi chilibe waya wa nthaka konse, kaya waduka m'pulagi, kaya soketiyo sanaipatse. Chizindikiro chake china ndi maikolofoni yoluma milomo, kapena chitsulo chonjenjemeretsa chala. Zikatero zimitsani zonse, musapitirize kusaka phokoso. Wamagetsi wa ziphaso ayeze masoketi, aone ngati waya wabuluu ndi wa nthaka sanasinthanitsidwe kapena kukhudzana penapake, ayang'anenso ndodo ya kopa yokhomedwa pansi panja ngati kalampu yake siinadyeke ndi dzimbiri. Akabwera, mupempheni akoke mzere umodzi wa masoketi a zoimbira zokha, kuchoka pa bulekala imodzi, kukafika kuguwa ndi kumene kumakhala mikisa. Musalole kuti akhomere ampulifaya ndodo yakeyake yosalumikizana ndi ya nyumba, chifukwa ndodo ziwiri zosiyana zimakulitsa kusiyana kuja, ndipo mphezi ikagwa pafupi magetsi ake amadutsa mu nthambo yanu ya mawu.